Kadontho ka pakhungu: kosaopsa ndi kati, koyenera kuonedwa ndi dokotala ndi kati

Amayi anzanga a Mvano kuno ku Mabvuku, ndi nonse amene uthengawu ukupezeni ku Tafara, ku Mbare, ku Highfield ngakhale ku Epworth, ndakupatsani moni.

Lachinayi lapitali titaweruka, amayi ena anandikokera pambali n'kundionetsa kadontho kakuda ka pakhosi pawo, ati mwana wawo wawaopseza kuti ndi khansa. Kadonthoko kanali kozungulira bwinobwino ngati kambewu ka mapira, mtundu umodzi, ndipo ali nako chibadwire. Ndinawauza kuti akagone tulo. Koma pokwera kombi ndinkangoganiza za anthu amene ndinawaona m'zaka 28 zomwe ndagwira unamwino, amene anabwera mochedwa chifukwa palibe anawauzapo choti aziyang'ana. N'chifukwa chake ndalemba izi, muwerengerenso agogo amene maso anayamba kuvuta.

Munthu wamkulu kukhala ndi timadontho pakati pa 10 ndi 40 m'thupi si chachilendo, ndipo pafupifupi tonseto n'tosavulaza. Timatuluka paubwana ndi paunyamata, kenako timangokhala. Tina timatukuka pang'ono, tina timamera katsitsi. Palinso tizinthu ting'onoting'ono takuda tomwe timamera m'masaya ndi m'munsi mwa maso munthu akamakula, makamaka ife akhungu lakuda, ndipo timayenda m'magazi: ngati amayi anu anali nato, inunso mukhoza kudzakhala nato. Timeneto si khansa.

Yomwe timaiopa ndi khansa ya pakhungu yotchedwa melanoma, imene imayambira m'maselo opanga mtundu wa khungu. Madokotala a ku New York anakonza njira yoizindikirira m'chaka cha 1985, ndipo anamwino timaigwiritsabe ntchito. Mfundo zake zoyambirira zinali zinayi: kaonekedwe ka mbali ziwiri, m'mphepete mwake, mtundu wake, ndi kukula kwake.

Yambani chonchi. Yang'anani kadonthoko pamalo owala, padzuwa osati pakandulo, ndipo m'maganizo mwanu mukadule pakati ngati mmene mumadulira lalanje. Kadontho kabwinobwino, mbali ziwirizo zimafanana. Koma mukaona kuti mbali ina yatambasuka ina yafinyika, kapena ina yatukuka ina ili yafulati, chimenecho ndi chizindikiro choyamba. Chifukwa chake n'chakuti maselo a khansa sakula mwadongosolo, ena amathamanga ena amatsalira.

Kenako tsatirani m'mphepete mwake ndi diso. Kosaopsa kamakhala ndi malire ooneka, moti mutha kukazunguliza ndi bolopeni osakayika kuti kathera pati. Kokayikitsa malire ake amakhala okhotakhota, a manomano, kapena osadziwika bwino, ngati inki yadonthera pa nsalu yonyowa n'kuyamba kulowerera m'mbali.

Pa za mtundu ndiye ndichedwepo, chifukwa ambirife timasokonezeka pamenepa. Kuda kokha si vuto. Kadontho kakhoza kuda bii ngati khala koma kali bwinobwino, bola kakhale ka mtundu umodzi ponseponse. Choopsa ndi kusakanikirana: apa pakuda, apa pofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, apo pofiira, pena potuwa, pobiriwira ngati mtambo kapena poyera ngati patupuka. Mitundu iwiri kapena itatu m'kadontho kamodzi, pitani nako. Chimodzimodzinso kadontho komwe kanali kofiirira zaka zonsezi koma tsopano kayamba kuda mbali imodzi. Amayi oyembekezera timadontho tawo timatha kuderako tonse pamodzi, zimenezo zimachitika. Koma kamodzi kokha kakasiyana ndi tinzake, auzeni anamwino ku sikelo.

Kukula nakonso timakuona. Kopitirira mamilimita 6, ngati labala ya kumapeto kwa pensulo, kamafuna kukayang'anitsitsa, ngakhale melanoma imatha kupezeka ili yaing'ono kuposa pamenepo. Mu 2004 anawonjezera mfundo imene ine ndimaiona kuti imaposa zonse: kusintha. Kadontho kamene kakukula, kayamba kuyabwa, kukha magazi popanda kukakanda, kapena kuchita nkhanambo yosapola, komanso katsopano kotuluka munthu atapitirira zaka 40, musakadikirire.

Tsopano nayi nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Ambiri timati khansa ya pakhungu ndi ya azungu. N'zoona kuti iwo imawagwira kwambiri, koma ife ikatigwira imakonda kubisala kumene dzuwa silifika: pansi pa phazi, kuchidendene, pakati pa zala, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo. Akuluakulu a ku Mbare mukukumbukira Bob Marley ataimba pa Rufaro mu Epulo 1980, usiku wa ufulu wa dziko lino. Nthawi imeneyo n'kuti ali kale ndi melanoma yomwe inayambira pa chala cha kuphazi, pansi pa chikhadabo, ndipo poyamba ankaiyesa bala la pa mpira. Anamwalira mu Meyi 1981 ali ndi zaka 36 zokha.

Ineyo ndinasamalirapo bambo wina wogwira ntchito m'munda mwa anthu, wovala majombo tsiku lonse. Anali ndi banga lakuda kuchidendene, lalikulu ngati chala chachikulu, m'mbali mwake mosalongosoka. Ankati ndi mang'a, n'kumakwecha ndi mwala posamba. Litayamba kutuluka magazi anapita kukatemera mphini. Pofika kwa ife n'kuti mwanabele atatupa kale mphechepeche, kusonyeza kuti matenda anali atayenda. Mpaka lero ndimaona nkhope ya mkazi wake, amene ankamutsuka mapazi koma osadziwa chimene akuona.

Choncho posamba muzitembenuza phazi. Ngati msana sulola, ikani galasi pansi kapena mdzukulu akuonereni. Pa zikhadabo, timizere tofiirira totsika m'litali timapezeka kwa anthu akuda ambiri, kawirikawiri pa zala zingapo, ndipo sitisintha. Koma mzere wa pa chala chimodzi chokha umene ukunka nutambalala, kapena kuda kwake kwafika pa khungu lozungulira chikhadabo, ndi wa kuchipatala. Magazi oundana chifukwa chopunthwa amayenda kupita kunsonga chikhadabo chikamakula. Banga lomwe silikusuntha patapita miyezi iwiri mwina si la kupunthwa, kalionetseni. Amayi opaka utoto m'zikhadabo, muziuchotsa nthawi zina muone za pansi.

Foni muli nayoyo ikuthandizeni. Ikani lula ya mwana wasukulu pambali pa kadontho, jambulani, ndipo mudzajambulenso pamalo omwewo pakatha mwezi. Koma kujambulaku n'kwa kadontho kamene mulibe nako nkhawa kwenikweni. Kokhala ndi zizindikiro ndatchulazi pitani nako sabata yomweyo.

Chonde, musakadule ndi lezala, musakamange ndi ulusi, musakawotche ndi soda kapena mankhwala a njerewere. Mukachotsa pamwamba, mizu imatsala, ndipo dokotala amasowa choyeza. Yambirani ku kiliniki ya khonsolo ya kwanuko, muwauze kuti kanayamba liti ndipo kasintha bwanji, muwaonetse zithunzi, ndipo mupemphe kalata yokutumizani ku Parirenyatwa kapena ku Sally Mugabe, kuja timati ku Gomo. Kumeneko amabaya jekeseni yochititsa dzanzi, n'kuchotsa kadonthoko kukakayeza ku labotale. Ndi kuyeza kokhako kumene kumanena zoona, ngakhale ine ndi diso langa sindingagamule. Melanoma ikapezeka isanalowe pansi, nthawi zambiri opaleshoni yaing'ono imakwanira.

Amene muli ndi ana kapena abale achialubino, iwo musadikire n'komwe zizindikiro ndatchulazi: chilonda chilichonse chosapola pankhope, m'makutu kapena pakhosi chikaonedwe msanga, ndipo chipewa ndi mafuta oteteza kudzuwa zisasowe.

Lachinayi likudzali ndibwera ndi lula ndi tochi. Amene mukufuna ndikuoneni mapazi, tidzatsalire m'kalasi ya Sande sukulu tikatha mapemphero, ndipo abambo kunyumba muwauze kuti nawonso ndi olandiridwa.

Ndine wanu,
Nasibeko, namwino wopuma pantchito, Mabvuku