Kalata yopempha kuti mtengo woodera mabuku utsike

Sitolo ya Mabuku
Pafupi ndi depoti ya basi
Dedza

16 Juni 2025

Mkulu wa Zamalonda
Nthambi Yogulitsa Mabuku
Blantyre

Okondedwa Bwana,

PEMPHO LOTI MUZITICHOTSERA 30 PERESENTI POODA MABUKU

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi onse a ku ofesi kwanu. Ife kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwa Juni kwatipeza monga mwa masiku onse.

Ndalemba kalatayi kupempha kuti ndalama imene mumatichotsera tikamaoda mabuku ikwere kuchoka pa 20 peresenti kufika pa 30 peresenti, kuyambira pa oda yathu ya mu Ogasiti. Ndafuna kuti pempholi likupezeni msanga chifukwa sukulu zikutsegulira mu Seputembala, ndipo mabuku amene ndimagulitsa m'masabata ochepa amenewo ndi amene amasunga sitolo ino chaka chonse.

Takhala tikuoda kwa inu kuyambira 2016. Mukatsegula mabuku anu a akaunti muona kuti chaka chatha tinagula katundu wa K11,800,000 ndipo invoyisi iliyonse tinailipira nthawi yake isanakwane. Muonanso kuti 20 peresenti imene tinagwirizana poyamba paja sinasinthepo, pamene zina zonse zasintha.

Ndiloleni ndikuonetseni masamu a buku limodzi. Titenge buku lanu la sayansi la Fomu 3, limene mtengo wake pa mndandanda wanu ndi K12,000. Ine ndimakulipirani K9,600, kutanthauza kuti yanga ndi K2,400. Katoni ya mabuku 40 kuti ichoke ku Blantyre ifike pano pa basi ndimalipira K16,000, ndiye kuti K400 pa buku lililonse. Buku limenelo akagula ndi kholo limene langolowa m'sitolo, zinthu zimakhalako bwino. Koma mabuku ambiri amagula ndi a sukulu, ndipo palibe mphunzitsi wamkulu amene amatulutsa cheke osachotseredwa 10 peresenti. Imeneyo ndi K1,200. Yotsala ndi K800. Pa K800 imeneyo pachoke lendi, magetsi, malipiro a atsikana awiri a pa kauntala, mlonda, chiphaso cha ku khonsolo ndi ndalama imene imadulidwa tikamatapa zimene makasitomala atumiza pa foni. Buku limodzi m'katoni likangonyowa kapena kung'ambika pa njira, phindu la mabuku 12 lapita.

Sukulu zambiri za kuno, makamaka masekondale oyendera a m'midzi, zimatenga mabuku pa ngongole n'kudzalipira ana akamaliza kupereka fizi. Nthawi zina teremu imatha ndisanaone ndalama. Inu ndimakhala nditakulipirani kale.

Chimene chinatithyola msana kwenikweni ndi kugwa kwa kwacha. Mu Meyi 2022 inatsika ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inatsikanso ndi 44 peresenti. Inu munakweza mitengo, ndipo sindikukudandaulani, pakuti mapepala ndi inki mumagula ndi ndalama zakunja. Koma taganizani za ife. Mabuku amene ndinali nawo pa shelefu ndinagulitsa pa mtengo wakale, ndipo nditabwera kudzaoda ena ndalama yonse ija, mpamba ndi phindu lomwe, inagula mabuku ochepa kuposa amene ndinagulitsa. Kuchokera nthawi imeneyo mashelefu anga sanadzazenso. Chingawadzaze si ngongole ya ku banki, chifukwa chiwongoladzanja chake chimaposa phindu limene ndimapeza pa buku.

Pali nkhani ina imene ndiyenera kuinena poyera, ndipo mundikhululukire ngati ikuwawa. Mu Janyuwale anyamata anu a zamalonda anayenda ndi galimoto m'sukulu za kuno n'kumagulitsa mabuku mochotsera 15 peresenti, kuwatula pakhomo penipeni. Aphunzitsi akulu awiri amene ndakhala nawo zaka zambiri anandionetsa malisiti. Ine sindingafikepo pa mtengo umenewo, chifukwa ndikachotsa 15 peresenti ndi thiransipoti ndimatsala ndi K200. Ufulu wogulitsa mabuku anu kumene mukufuna ndi wanu. Koma galimoto imabwera kamodzi, n'kupita. Mwana akataya buku pakati pa teremu, mphunzitsi akafuna makope atatu okha, kholo likabwera ndi ndalama ya mbatatesi kudzagulira mwana amene akulemba mayeso a Fomu 4, amabwera pa sitolo ino. Akapeza kuti buku lanu palibe sapita ku Blantyre ayi. Ochepa amakwera minibasi ya ku Lilongwe, koma ambiri amabwereka la mnzawo n'kupita nalo pa makina a fotokope, ndipo pamenepo simupeza kanthu inu, ine, ngakhale mlembi wa bukulo.

Dziwaninso kuti makasitomala anga si a pa boma pokha. Amachokera ku Linthipe, ku Lobi, ku Bembeke, ku Mtakataka, ndipo ena amaoloka malire kuchokera ku Angonia m'dziko la Mozambiki kudzafuna mabuku a Chichewa. Amenewa galimoto yanu siwafika.

Pempho langa lili motere. Pa mabuku a sukulu muzindichotsera 30 peresenti pa oda iliyonse yoposa K3,000,000. Buku la K12,000 lija ndizilitenga pa K8,400, ndipo ndikachotsa thiransipoti ndi gawo la sukulu ndizitsala ndi K2,000. Ndalama imeneyo si yolemeretsa munthu, koma ndi yokwanira kuti ndiziodanso. Kumbali yanga ndikulonjeza kulipira theka la ndalama tsiku limene ndapereka oda, ndipo theka linalo pasanathe masiku 30. Ndikulonjezanso kuti oda ya Ogasiti sichepera K6,000,000, ndipo oda ina ibwera mu Disembala kukonzekera teremu yachiwiri.

Mabuku a nthano, ndakatulo ndi a ana aang'ono ndi nkhani ina. Amenewa amayenda pang'onopang'ono, kupatula okhawo amene ali pa silabasi. Ena akhala pa shelefu mpaka chikuto kuyera ndi dzuwa. Ndimawakonda, ndipo sitolo ya mabuku yogulitsa za mayeso zokhazokha imandimvetsa chisoni, koma sindingapitirize kumangirira mpamba pa iwo. Ngati mungalole kundipatsa pa 35 peresenti, ndi mwayi wobweza amene sanagulidwe pakatha miyezi 6 ali abwinobwino, ndiwapatsa shelefu yoyang'ana pakhomo ndipo ndizipita nawo m'sukulu ndikamakatula maoda.

Ngati 30 peresenti ikuvutani chaka chino, ndingavomere 25 peresenti, bola thiransipoti yochokera ku Blantyre ikhale yanu. Galimoto zanu zopita ku Lilongwe zimadutsa pa msewu wa M1 pomwe pano, ndipo ine ndikhoza kumadikira pa mphambano yolowera ku boma kuti dalaivala asachedwe.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza makope a mainvoyisi a chaka chatha, malisiti a basi ndi mndandanda wa sukulu 23 zimene zimagula kwa ine. Ndikupempha kuti mundiyankhe pofika pa 15 Julayi, kuti ndidziwe kuchuluka kwa mabuku amene ndingalonjeze aphunzitsi akulu sukulu zisanatsekere. Ngati mungakonde kuti tikambirane pamaso, ndidzakhala ku Blantyre sabata yoyamba ya Julayi ndipo ndikhoza kufika ku ofesi kwanu tsiku limene inu mungasankhe.

Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu.

Ine wanu pa malonda,

Mayi E. Kachingwe
Mwini sitolo