Mayeso Achidule: Fonimu, Mofimu ndi Mitengo ya Ziganizo

Nthawi: mphindi 40. Malikisi onse: 30. Yankhani mafunso onse. Muloledwa kutchula mawu chapansipansi, chifukwa mafunso ambiri pano akufuna khutu kuposa maso. Musasokoneze anzanu.

Gawo A: Fonimu

1. Mawu oti *ng'ona* ali ndi malembo asanu. Nanga mafonimu alimo angati? Alembeni. (2)

2. *Pala* ndi *phala* amasiyana pa kamphepo kotuluka potchula /pʰ/, ndipo tanthauzo limasinthiratu. Pezani mawu ena awiri osiyana pa /k/ ndi /kʰ/ pokha, ndi enanso awiri osiyana pa /t/ ndi /tʰ/ pokha. (4)

3. Timalemba *bala* ndi *l* koma *bwera* ndi *r*. Munthu atanena kuti *bwela*, kodi wanena mawu ena? Gwiritsani ntchito yankho lanu pofotokoza ngati [l] ndi [r] ndi mafonimu awiri m'Chichewa kapena matchulidwe awiri a fonimu imodzi. (3)

4. *Mtengo* womera m'nkhalango ndi *mtengo* wogulira katundu amalembedwa chimodzimodzi. Chimawasiyanitsa n'chiyani pakamwa? (2)

Gawo B: Mofimu

5. Dulani mneni *tinawaphikira* m'mamofimu ake asanu ndi imodzi, ndipo nenani ntchito ya iliyonse. Chenjerani: *ti-na-wa-phi-ki-ra* ndi maphatikizo, si mamofimu. Amene adule motero sapeza kanthu pa zigawo zitatu zomalizazo. (6)

6. Onani aneni awa: *phikira, gulira, samalira, lembera, gonera*. Msintho wochitira ukuoneka m'njira ziwiri. Zitchuleni, kenaka lembani lamulo losonyeza malembo a liwu a m'muzu amene amakoka njira iliyonse. (3)

Gawo C: Mitengo ya ziganizo

Malamulo a mtundu uwu adatchuka ndi Noam Chomsky kuyambira mu 1957. S ndi chiganizo, N dzina, V mneni, Adj mfotokozi. NP ndi gulu la mawu lotsogozedwa ndi dzina, VP lotsogozedwa ndi mneni.

```
S  → NP VP
NP → N (Adj)
VP → V (NP)
```

7. Jambulani mtengo wa chiganizo ichi: *Mwana wamng'ono anathyola mpando.* Nthambi zisapingasane. (4)

8. *Abambo ndi amayi okalamba* angamveke pawiri: okalamba ndi amayi okha, kapena onse. Jambulani mitengo iwiri yosonyeza pamene mfotokozi wakolekedwa pa tanthauzo lililonse. Malamulo atatu aja sakukwanira apa, choncho wonjezerani lanu la mlumikizi *ndi*. (4)

9. *Anauthyola* ndi liwu limodzi, komabe ndi chiganizo chathunthu. Lamulo loyamba likufuna NP ya mwininkhani, pamene dzina silikuoneka. Mungaijambule bwanji NP imeneyi? Akatswiri amasiyana maganizo pankhaniyi, ndiye malikisi ali pa chifukwa chimene mupereke. (2)