Amayi a gulu, nazi zija za Privacy m'Chichewa, tsegulani foni tiyendere limodzi

Mwaswera bwanji amayi nonse a banki mkhonde yathu ya pa Kamwendo. Ndine Tadala, mlembi wanu. Lachinayi a tcheya anandituma kuti zolembedwa zija za m'foni zosankhira amene angaone zokhudza inu ndiziike m'Chichewa, ndiye ndi izi, meseji ndi yaitali pepani koma sikudya bandulo, werengani foni ili m'manja muzidina pomwepo. Amene ana anakuikirani watsapu n'kupita ku Lilongwe osakuuzani kanthu, izi ndi zanu kwambiri.

Tsegulani WhatsApp, kumwamba kudzanja lamanja kuli timadontho titatu tondondozana chotsika, dinani pamenepo, kenako `Settings`, kenako `Privacy` pomwe pali kachithunzi ka loko. Ndikunena za ma itel ndi ma Tecno athuwa, mafoni ena mawu amasiyanako pang'ono koma nkhani yake ndi yomweyi.

Pamwamba pakuti `Who can see my personal info`, kutanthauza kuti ndani angaone zokhudza ineyo. M'munsi mwake mukumana ndi mayankho anayi omwe azingobwerabwera paliponse, mukawadziwa awa basi mwamaliza theka la ntchito.

`Everyone` ndi aliyense amene ali ndi nambala yanu, kaya mumamudziwa kaya ayi.
`My contacts` ndi okhawo amene inuyo munaseva nambala zawo m'foni mwanu.
`My contacts except...` ndi amene munawaseva, kupatula amene muwachonge.
`Nobody` ndiye palibe ndi mmodzi yemwe.

Pa `My contacts` pamenepa ndi pomwe ambiri mukuganiza kuti mwatseka chitseko chonsecho chili pululu. Foni siidziwa kuti uyu ndi mlamu wanga, uyu ndi venda uja anabwera ndi sikelo nthawi ya soya, iyo imangoona kuti nambala inasevedwa basi. Ndiye ngati m'foni mwanu muli "Kabaza 2", "Wa mtedza Mkanda", "Dalaivala Chipata", "Osayankha", onsewo kwa foni ndi anthu anu ndipo aona zomwe mwana wanu akuona. Ngakhale "Osayankha" yemweyo, eee, munamuseva nokha. Komanso zimatengera amene INU mwaseva, osati amene anaseva inu. Munthu atha kukhala ndi nambala yanu chaka chonse koma ngati inu simunamuseve, sali m'gulu limeneli.

Tiyambe ndi `Last seen and online`. Apa pali mafunso awiri. Loyamba `Who can see my last seen`, ndani aziona nthawi yomwe ndinatsegula watsapu komaliza. Ndi kaja kamalembedwa pansi pa dzina kuti munthuyu anali pano 11 koloko usiku, kamene kamayambanitsa anthu m'mabanjamu, "umacheza ndi ndani usiku onse uja" chonsecho munthu umangoona ngati mwana wayankha za fizi. Lachiwiri `Who can see when I'm online`, ndani aziona kuti ndili pa watsapu panopa. Ili lili ndi mayankho awiri okha, `Everyone` ndi `Same as last seen`, lachiwirili likutanthauza kuti chimodzimodzi ndi zomwe ndasankha pamwambapa. Ndiye mukaika `Nobody` pamwamba koma pansi n'kusiya `Everyone`, mwangobisa nthawi yakale koma aliyense akuonanibe kuti muli pompo, muzisintha zonse ziwiri.

Pansi pake pali timawu ting'onoting'ono tomwe anthu sawerenga, tikunena kuti ukabisa zako nawenso suona za anzako. Palibe zobisala iwe n'kumasuzumira ena. Amayi a Chikondi munafunsa ngati pali njira yozembera, palibe mayi, musankhe chimodzi. Ndipo mukamalemba meseji mnzanuyo amaonabe kuti mukulemba, zimenezo sizibisika ndi batani ili.

Ine maganizo anga, ife a bizinesi tiike `My contacts`, chifukwa kasitomala akaona kuti munali pa foni posachedwa amadikira, akaona zii amakagula kwina. Koma amene muli ndi munthu mmodzi wokulondalondani, kaya bambo a ana amene munasiyana nawo kaya wachibale wokonda kuwerengera anthu nthawi, `My contacts except...` inapangidwira inu. Mukadina pabwera mayina onse, chongani dzina lakelo, kenako dinani kachizindikiro kobiriwira kotsimikiza, mukangobwerera m'mbuyo osadina sizisungika. Iye salandira uthenga uliwonse woti mwamuchotsa, angoona kuti nthawi sikuonekanso. Ndipo a msungichuma ndikudziwa mukuwerenga, ayi sindikuphunzitsa anthu kuthawa ngongole, Lachinayi timakumanabe pamkeka maso ndi maso.

`Profile photo`, mafoni ena akulemba `Profile picture`, ndi chithunzi chanu chija chozungulira. Ichi chokha ndikupemphani, chotsani pa `Everyone` lero lomwe. Akuba a pa foni amatenga chithunzi cha munthu, n'kuchiika pa nambala ina, n'kulembera abale ake kuti "ndasintha nambala, ndili pa chipatala, tumizani ndalama pa nambala iyi", ndipo mchemwali wanu ali ku Joni akaona nkhope yanu ndi chitenje chanu cha Mvano sakayikanso. Ikani `My contacts`. Amene simunamuseve azingoona kamunthu kotuwa kopanda nkhope. Amene mumaika zithunzi za adzukulu atavala yunifolomu baji ya sukulu ikuoneka, ganizirani kawiri, mukuuza mlendo nkhope ya mwana ndi komwe amapezeka m'mawa uliwonse.

`About` ndi timawu tija ta pansi pa dzina, ambiri munaika vesi, siyani sizivuta. Koma amene munalembapo malo a shopu ndi nambala ya Airtel Money kapena Mpamba dziwani kuti zikuoneka kwa amene mwawalola pamenepa.

`Status` ndi sitetasi, zija zimatha pakapita maola 24. Apa palibe `Everyone`, pali `My contacts`, `My contacts except...` ndi ina yatsopano `Only share with...` kutanthauza onetsa okhawa amene ndawasankha. Kuti munthu aone sitetasi yanu mpofunika nonse awiri mukhale munasevana. Mukasintha, zimagwira pa zomwe muike kutsogolo, zomwe munaika kale m'mawa zapita kale kwa omwe zinapita.

`Read receipts` ndi timizere tiwiri tija timasanduka tabuluu munthu akawerenga. Mukathimitsa, anzanu saona kuti mwawerenga, inunso simuona kuti awerenga, ndiponso simuona amene aonera sitetasi yanu. Koma m'magulu sizigwira, pa gulu lathu lino ndimaonabe ndithu amene wawerenga uthenga wa masheya n'kukhala chete.

`Groups`, funso lake ndi `Who can add me to groups`, ndani angandilowetse m'magulu. Ikani `My contacts`. Mukatero adimini amene simunamuseve sangakuponyeni m'gulu mwadzidzidzi, amayenera kukutumizirani kaye pempho kumbali, inu muvomere kapena mungolisiya, pakatha masiku 3 limafa lokha. Magulu aja mumangodzuka muli mo, a "ikani 5 pin mulandire 50 pin", amalowera khomo limeneli. Ndipo pansi pang'ono pa `Calls` pali `Silence unknown callers`, mukayatsa, nambala yachilendo ikaimba pa watsapu foni silira koma mudzaipeza pa mndandanda wa oimba. Amene mumagulitsa kwa anthu a ku Chipata samalani nayo iyi, nambala zoyamba ndi +260 zambiri ndi makasitomala enieni, mungataye malonda.

Tsopano nambala ya foni, yomwe azakhali a ku Kapiri anafunsa kawiri. Pa mndandanda wonsewu mwaona kuti palibe pobisira nambala. M'gulu ngati lathuli aliyense amene ali mo amaona nambala za onse, angodina dzina la gulu pamwamba n'kutsika. Ndiye chitetezo chake si batani, ndi kusamala magulu omwe mukulowa, ndiponso ife ma adimini tisamamwaze linki ya gulu paliponse. Gulu la maliro kapena la ukwati likatha ntchito tulukanimo, mumakhala anthu mahandiredi osadziwana, nambala zanu zili poyera ngati tomato pa benchi. Wina akakuvutitsani, tsegulani macheza ake, dinani dzina lake, tsikani pansi, `Block`. Akabulokedwa saonanso chithunzi, sitetasi ngakhale nthawi yanu, ndipo mameseji ake akumbali safika. Koma nambala yanu ali nayobe, atha kuimba pa foni wamba, kumeneko mukabulokenso padera.

Kumene nambala imabisika ndi pa Telegram, ndikudziwa ndinu ochepa amene muli nayo, makamaka amene ana anu amalandirirapo manotsi a sukulu, ena dumphani. Pitani `Settings`, `Privacy and Security`, `Phone Number`. Funso ndi `Who can see my phone number?`, ndani angaone nambala yanga, mayankho `Everybody`, `My Contacts`, `Nobody`, matanthauzo ndi omwe aja. Mukasankha `Nobody` pabwera funso lina pansi, `Who can find me by my number?`, ndani angandipeze atalemba nambala yanga, apa ikani `My Contacts`. Mukasiya `Everybody`, munthu amene anaseva kale nambala yanu aziionabe ndipo akupezani. Pa `Last Seen & Online` napo mukabisa, Telegram siisiya mbee ngati watsapu, imalemba mongoyerekeza, `last seen recently` kutanthauza posachedwapa, mwina masiku awiri atatu apitawa, `last seen within a week` sipanathe sabata, `last seen within a month` sipanathe mwezi.

Chinthu china, zonsezi zimabisa kwa anthu akutali, osati kwa amene wagwira foni yanu. Ambiri timatchajitsa pa shopu, timabwereka ana, foni yopanda loko aliyense atha kulowa pa `Privacy` pomwepa n'kubweza zonse. Ikani pini pa foni, isakhale 1234 kapena chaka chobadwa. Ndipo manambala 6 aja amabwera pa meseji kuchokera ku WhatsApp musauze munthu, ngakhale atalemba ndi dzina langa kuti "amayi ndatumiza molakwitsa nditumizireni", si ine ameneyo, akufuna kulanda watsapu yanu.

Ntchito ya lero musanagone ndi iwiri, chithunzi pa `My contacts`, kenako lowani m'mayina a m'foni mufufute ma venda a chaka chatha ndi onse amene simukukumbukanso kuti ndi ndani. Amene zakukanikani musavutike kulemba, bwerani nayo foni Lachinayi 2 koloko kwa a tcheya itatchajidwa, ndifika msanga tisanayambe kuponya masheya. Amayi a Madalitso mubwere ndi magalasi anu, sindikuwerengeraninso mayina 300 ndekha.