Patogirafu ya 12 koloko masana: mayiyu atumizidwe kuchipatala chachikulu tsopano

Anamwino, chithunzi cha patogirafu mwatumizachi ndachiona. Mayiyu asadikire kuyezedwa kwa 14:00. Itanani ambulansi pompano, ndipo musamuike okisitosini. Zifukwa zake ndi izi, muwerenge diripi ikulowa kale.

Chithunzichi mwachijambula chopendekeka, choncho X womalizayo wa kutseguka kwa khomo la chiberekero akuoneka ngati adakali pakati pa mizere iwiri ija. Pa chithunzi chotere musakhulupirire maso, werengani mabokosi. Mayi wa zaka 19, mimba yoyamba, masabata 39, anafika 06:00 khomo la chiberekero litatseguka masentimita 4, ndipo X woyamba munamuika bwino pa mzere wochenjeza. Mzerewu umakwera sentimita imodzi pa ola lililonse, ndiye kuti umafika pa 6 nthawi ya 08:00, pa 8 nthawi ya 10:00, pa 10 nthawi ya 12:00. Mzere wachiwiri, wotiuza kuti tichitepo kanthu, uli maola anayi kumanja kwake, ndipo umadutsa pa masentimita 6 nthawi ya 12:00 yeniyeniyo. Inu munapeza 6 pa 10:00, mwapezanso 6 pa 12:00. X wa 10:00 anali atatsalira kale maola awiri kumanja kwa mzere wochenjeza, ndipo wa 12:00 wakhala pamwamba penipeni pa mzere wachiwiriwo. M'maola asanu ndi limodzi khomo latseguka masentimita awiri okha, ndipo m'maola awiri omalizawa silinasunthe n'komwe.

Pachipatala chaching'ono chopanda fiyeta, nthawi yotumiza mayi inali 10:00, pamene X anaoloka mzere wochenjeza. Maola anayi a pakati pa mizereyi anaikidwapo kuti mayi ayende ulendo n'kufika kumene angathe kuchita opaleshoni asanakhudze mzere wachiwiri. Munachita bwino kumuyezanso patangotha maola awiri, chifukwa mukanadikira anayi tikanadziwa 14:00.

X yekha amangonena kuti matenda akuchedwa, sanena chifukwa. Chifukwacho chimapezeka mukayang'ana zinthu zitatu pamodzi: mphamvu ya chiberekero, kutsika kwa mutu, ndi mafupa a mutu wa mwana.

Mabokosi a kulimba kwa chiberekero ali m'munsi. M'mawa munadetsa mabokosi atatu ndi timizere topingasa, kutanthauza katatu pa mphindi 10, kulikonse masekondi 20 mpaka 40. Kuyambira 09:30 ndi mabokosi anayi odetsedwa bii, kanayi pa mphindi 10, kopitirira masekondi 40. Mphamvu ilipo yokwanira. Akanakhala mabokosi awiri a timadontho, osafika masekondi 20, tikanati chiberekero n'chofooka, ndipo kuchipatala chachikulu akanaganiza za okisitosini atatsimikiza kuti njira ndi yokwanira. Apa si choncho.

O wa kutsika kwa mutu ali pa 4/5 nthawi ya 06:00, pa 4/5 nthawi ya 10:00, pa 3/5 nthawi ya 12:00. Ka 3/5 kameneka sindikukakhulupirira kwenikweni. M'mphepete mwalemba kuti pamutu patupa kwambiri, ndipo kutupako kumanamiza chala: poyeza kunjira mutu umamveka ngati watsika, pamene chatsika ndi chotupacho, chigaza chili pomwe chinali. Magawo asanu aja amayezedwa pamimba, zala zitagona pamwamba pa fupa la chinena, chikhodzodzo chili chopanda mkodzo, musanayeze kunjira. Ngakhale 3/5 atakhala woona, mutu sunalowebe m'chiuno, chifukwa timati walowa pamene pamwamba patsala 2/5 kapena kucheperapo.

Mzere wa mafupa a mutu ukuwerengeka 0, kenako +, kenako ++. Mtanda umodzi ndi mafupa ongogundana, ndipo zimenezo zimachitika pa matenda abwinobwino. Iwiri ndi mafupa okwerana koma obwerera mukawakankha ndi chala. Itatu ndi okwerana osabwereranso. Mitanda iwiri mutu uli pansi, khomo litatsala pang'ono kutha, siitidetsa nkhawa kwambiri. Mitanda iwiri mutu udakali pa 3/5, khomo litaima, chiberekero chikulimba mwamphamvu, ikunena kuti mutu ukupanikizidwa pakhomo la chiuno pomwe sukukwana. Mwina ndi waukulu, mwina wabwera molakwika, monga nkhongo kuloza kumsana kwa mayi kapena chipumi kutsogola. Chilichonse mwa izi sichithera pamalo panupo. Okisitosini pa njira yotsekeka amangowonjezera kupanikiza: mwana amabanika, ndipo chiberekero chikhoza kuphulika.

Mwana wayamba kutopa. Mtima wake unali pa 136 mpaka 144 m'mawa, 152 pa 10:00, ndipo 166 pa 12:00, kupitirira malire a 110 mpaka 160. Pa 10:30, 11:00 ndi 11:30 palibe kadontho. Musadzazemo manambala tsopano, siyani choncho kuti olandira adziwe kuti nthawi imeneyo sanamvetseredwe. Nsupa inasweka 08:00, madzi anali C, kutanthauza oyera, mpaka 10:00, ndipo pa 12:00 mwalemba M, kutanthauza osakanikirana ndi chimbudzi cha mwana. Lembaninso pambali ngati chimbudzi cha mwanacho chili chamadzimadzi kapena chokhuthala ngati phala, chifukwa chokhuthala pamodzi ndi mtima wothamanga chonchi ndi chizindikiro choti mwana akusowa mpweya.

Gawo la mayi lili m'munsi mwenimweni, ndipo chithunzi chadula mzere wa mkodzo pakati. Chomwe ndikutha kuwerenga ndi mamililita 80 ndi asetoni +. Mtima wa mayi wachoka pa 88 kufika pa 108, kutentha kwa thupi 37.8. Akuchepa madzi m'thupi, akutopa, ndipo kutenthako kukhoza kukhala kuyamba kwa matenda olowa nsupa itasweka. Bipi inalembedwa kamodzi kokha, 120/70 pa 06:00, pamene imayenera kuyezedwa maola anayi aliwonse. Iyezeni asananyamuke.

Podikira ambulansi, ikani kanula wamkulu, wa 16 kapena 18, ndi lita imodzi ya Ringazi lakiteti kapena nomo selaini. Tengani magazi oyeza kuchuluka kwake ngati zipangizo zilipo. Mugonekeni chakumanzere. Ikani katheta, muyeze mkodzo ndi kuona mtundu wake: wamagazi ukusonyeza kuti mutu wafinya chikhodzodzo, ndipo kufinya kotereku kukatenga nthawi ndi kumene kumabala fisitula. Mayi asatcheme ngakhale atamva kufuna kutero, khomo la masentimita 6 likhoza kutupa kapena kung'ambika. Kutentha kukafika 38, perekani ampisilini magalamu 2 mumtsempha ndi jentamaisini mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndipo mulembe nthawi yake. Mtima wa mwana muziumvetsera mphindi 15 zilizonse, kwa mphindi yathunthu, chiberekero chikangomasuka. Muzigwiranso mtima wa mayi padzanja nthawi yomweyo kuti musasokoneze iwiriyi.

Vundukulani mimba muiyang'ane, chifukwa izi patogirafu sionetsa. Mkombero wodutsa chopingasa pamimba, wokwera kulowera kumchombo, ukutanthauza kuti chiberekero chapyapyala kumunsi. Ululu wosalekeza, kulimba kusiya mwadzidzidzi, magazi kunjira, ziwalo za mwana kumveka pafupi ndi khungu, mtima wa mwana kusowa, bipi kutsika: chiberekero chaphulika. Mukaona chimodzi mwa izi ikani diripi yachiwiri, muthamangitse madzi, mundiimbire muli panjira.

Mayi ndi womudikirira muwauze mosabisa kuti mwana sakutsika ndipo n'kutheka kuti achira ndi opaleshoni. Mzamba akwere nawo ambulansi atanyamula zobereketsera, kachikwama kopopera mwana mpweya, ndi okisitosini wobaya mwana atabadwa, ngati angabadwire panjira. Patogirafu yeniyeniyo ipite ndi mayi, pamodzi ndi buku lake la sikelo ndi kalata yomutumiza.

Musananyamuke jambulaninso pepalalo litagona patebulo, foni ili pamwamba pake mowongoka, ngodya zonse zinayi zikuoneka, manambala a nthawi akuwerengeka, dzina la mayi litaphimbidwa ndi kapepala. Ife kuno tikudziwitsa a kufiyeta ndi a kulabu. Mundiuze nthawi imene ambulansi yanyamuka.