Kuunika kwa SWOT: kampani ya mafoni pa msika watsopano

SWOT ndi njira younikira mphamvu, kufooka, mwayi ndi ziopsezo za kampani. Kampani yomwe tikuiunikayi imapanga mafoni otsika mtengo, ndipo ikufuna kuyamba kugulitsa m'dziko loyandikana ndi dziko lake.

Mphamvu yake yagona pa batire la 5000 mAh, lomwe limatha masiku awiri osatchaja, komanso malo a simu khadi ziwiri. Kufooka kwake n'koonekeratu: dzina lake silikudziwika kumeneko, ndipo ilibe malo okonzera mafoni. Sikirini ikasweka, wogula adzadikira zipangizo milungu ingapo, kenaka adzauza anzake kuti asagule.

Mwayi ulipo chifukwa anthu ambiri akusiya mafoni a mabatani pomwe netiweki ya 4G ikufalikira. Kugulitsa pangongole yolipira pang'onopang'ono kungawakope, bola foni izidzitseka yokha munthu akaleka kulipira.

Chiopsezo chachikulu si makampani opikisana nawo ayi, koma ndalama. Katundu amagulidwa ndi madola. Ndalama ya dzikolo ikagwa mphamvu ngongole zisanabwezedwe, phindu lonse limasungunuka. Palinso msonkho wa pachipata ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira zamtokoma, chomwe chikachedwa mafoni amangokhala m'nyumba yosungiramo katundu.

Kampaniyi iyambe ndi mzinda umodzi ndi mitundu iwiri ya mafoni, itatsegula kaye malo okonzera.