Invoisi 041 ya madesiki: K6,485,000 yoti ilipiridwe pofika pa 17 Sepitembala 2025

Lolemba, 18 Ogasiti 2025

Kupita kwa: Bambo Msungichuma wa sukulu
Aonenso: a Hedi

Bambo Msungichuma,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kusukuluko. Kuno ku Mchesi tadzuka bwino.

Ndatumiza invoisi nambala 041 ya madesiki, matebulo ndi mipando zomwe tinakutulirani Lachinayi pa 14 Ogasiti. Ndalama yotsala yoti mulipire ndi K6,485,000, ndipo ikhale italowa mu akaunti yathu pofika Lachitatu pa 17 Sepitembala 2025. Mulipire kudzera ku banki, mu akaunti iyi:

Banki: National Bank of Malawi, nthambi ya Lilongwe
Dzina la akaunti: Nachisale Furniture
Nambala ya akaunti: 1004772315
Zolemba pa malo ofotokoza chifukwa cholipirira: `INV041`

Ngati mwapanikizika ndi ntchito, mukhoza kulekezera pomwepa, chifukwa zofunika kuti mulipire ndi zomwezo. Zili m'munsizi ndalembera kuti komiti ikamadzafunsa mafunso, mayankho mudzakhale nawo pafupi osachita kundiimbira foni muli pakati pa msonkhano.

Ndalamayi yafika pamenepa motere:

Madesiki 80 okhala ana awiri, imodzi K95,000: K7,600,000
Matebulo 6 a aphunzitsi, limodzi K140,000: K840,000
Mipando 6 ya aphunzitsi, umodzi K45,000: K270,000
Lole yonyamula katundu kuchokera ku Lilongwe kufika kusukulu: K290,000
Zonse pamodzi msonkho usanalowe: K9,000,000
Msonkho wa VAT, 16.5 peresenti: K1,485,000
Zonse pamodzi ndi msonkho: K10,485,000
Kuchotsa dipoziti yomwe munalipira pa 9 Julaye: K4,000,000
Yotsala: K6,485,000

Mitengoyi ndi yomwe ija ya pa kotesheni ya pa 23 Juni imene a Hedi anasayina. Sitinawonjezerepo ngakhale tambala. Ndikunena izi chifukwa kuyambira nthawi ija tapita kangapo kokagula matabwa a paini ndi mapaipi achitsulo opangira miyendo, ndipo ulendo uliwonse tapeza mtengo wasuntha. Koma tinagwirizana kale, ndiye kukwera kumeneko tasenza ife.

Pali chinthu chimodzi chomwe chingakusokonezeni mukamafananitsa invoisi ndi oda yanu. Munaitanitsa madesiki 85, koma pa invoisi ndalembapo 80. Si kulakwitsa. Madesiki onse 85 anakwera lole ndithu ndipo anayenda bwino pa msewu wa M1, koma titasiya tala ku Linthipe n'kulowa msewu wafumbi, chingwe chimodzi chinamasuka, madesiki a pamwamba n'kumakhulana. Pofika kusukulu, atatu anali atang'ambika thabwa la pamwamba ndipo awiri anali atapindika miyendo. Vutoli linali lathu, chifukwa sitinamange bwino. Aphunzitsi omwe analandira katundu anali okoma mtima, anati awiri opindikawo akhoza kuwongoledwa komweko, koma ine sindinalole. Desiki yowongola ndi mwala imagwedera, ndipo mwana amene akuphunzira kulemba safunika desiki yogwedera. Choncho onse asanu tinabwerera nawo, ndipo pa chikalata chotsimikizira kuti katundu wafika tinalemba 80, aphunzitsi aja n'kusayina.

Madesiki asanuwo tikuwakonza sabata ino ndipo tidzabwera nawo pasanafike pa 29 Ogasiti, mayendedwe ake ali kwa ife. Invoisi yake idzakhala yapadera, ya K553,375 kuphatikizapo VAT, ndipo ndidzaitumiza mukadzawalandira ndi kuwayendera. Chonde musaiphatikize ndi ndalama ya leroyi. Ndikufuna kuti invoisi iliyonse igwirizane ndendende ndi katundu amene munasayinira, kuti owerengera chuma cha sukulu akadzabwera asadzapeze nambala yosowa mnzake.

Tsopano za tsiku. Pa kotesheni tinagwirizana masiku 30 kuchokera pa tsiku la invoisi, ndipo kuwerenga kuchokera lero, masikuwo akuthera pa 17 Sepitembala. Ndikamati 17 Sepitembala ndikutanthauza tsiku limene ndalama ikhale itaoneka kale mu akaunti yathu, osati tsiku loyamba kuyendetsa mapepala. Ndikupempheni muonetsetse kalendala, chifukwa dzulo lake, Lachiwiri pa 16 Sepitembala, ndi tsiku la chisankho cha dziko lonse. Tsiku limenelo aliyense adzakhala pa mzere wovota, ndipo sabata yonseyo anthu osayinira akaunti ya sukulu akhoza kukhala ovuta kuwapeza, makamaka ngati ena analembetsera kumudzi kwawo. Munandiuza kuti ndalama sizituluka popanda siginecha ziwiri, ya a Hedi ndi ya a Wapampando a komiti. Maganizo anga ndi akuti musayinitse msanga ndi kutumiza pofika Lachisanu pa 12 Sepitembala, kuti ngakhale patakhala kuchedwa pakati pa banki yanu ndi yathu, tsiku la 17 lidzatipeze titathana kale.

Polipira, njira yomwe ingatipeputsire tonse ndi kusamutsa ndalama kuchokera mu akaunti ya sukulu kupita mu yathu, kaya pa kauntala ku banki kaya pa intaneti. Chonde musaiwale kulemba `INV041` pa malo ofotokozera. Miyezi ino timalandira ndalama kuchokera ku sukulu zingapo nthawi imodzi, ndipo ndalama yobwera yopanda chizindikiro imanditengera masiku kuti ndidziwe mwini wake. Sindikufuna kudzakutumizirani uthenga wokumbutsa ngongole imene munalipira kale.

Cheke tikhoza kulandira ngati malamulo a sukulu salola njira ina, koma chilembedwe m'dzina la bizinesi, osati langa, ndipo chitifike sabata imodzi tsiku lija lisanakwane chifukwa chimatenga nthawi kuti chisanduke ndalama. Airtel Money ndi Mpamba ayi pa ndalama yochuluka chonchi, chifukwa ingafunike kudulidwa m'magawo ambiri, ndipo mabuku anu ndi athu angavute kulongosola. Ndalama yapamanja musapatse munthu aliyense, kaya dalaivala wathu kaya anyamata omwe adzabwere ndi madesiki asanu aja. Ndi anyamata okhulupirika, tagwira nawo ntchito zaka zambiri, koma si bwino kuwasenzetsa mamiliyoni pa msewu.

Apa ndikupemphani mumvetsetse kwambiri. Akaunti yathu ndi imodzi yomweyo imene munalipirako dipoziti mu Julaye, ndipo sitinasinthe. Mukalandira imelo, uthenga wa pa foni kapena wa pa WhatsApp wonena kuti tasintha banki kapena nambala ya akaunti, ngakhale utalembedwa m'dzina langa ndi chizindikiro cha bizinesi yathu, musatumize kanthu. Muyambe mwandiimbira pa nambala yomwe mumandiimbira masiku onse, osati yomwe ingalembedwe mu uthengawo. Akamberembere amadziwa kuti nyengo yotsegulira sukulu ndalama zimayenda, ndipo ndalama ikalowa mu akaunti yolakwika kuibweza n'kovuta. Musanatumize, fananitsani nambala ya pamwambayi ndi ya pa invoisi komanso ya pa risiti ya dipoziti. Zitatuzo ziyenera kufanana.

Za msonkho: bizinesi yathu inalembetsedwa ku MRA, ndipo nambala yathu ya TPIN ili pamutu pa invoisi. Tili ndi satifiketi yochokera ku MRA yosonyeza kuti wotilipira asadule msonkho uja umadulidwa polipira, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka kupitirira tsiku lolipirali. Ndaiphatikiza pa imelo ino kuti muisunge m'faelo yanu. Choncho ndalama yotumiza ndi K6,485,000 yathunthu. Ngati mukuona kuti pali china choyenera kudulidwa, tikambirane musanatumize, chifukwa kukonza zimenezi ndalama itayenda kale kumatenga nthawi ndi maulendo. Ndalama yomwe banki yanu imadula potumiza ikhale ku mbali ya sukulu, monga tinachitira pa dipoziti.

Mukatumiza, jambulani kapepala ka ku banki kapena uthenga wotsimikizira n'kuyankha pa imelo yomweyi. Ine ndikangoona ndalama mu akaunti ndidzakutumizirani risiti tsiku lomwelo, ndipo ya pepala idzabwera ndi munthu wathu.

Ndaphatikiza mapepala anayi:

```
INV-2025-041.pdf
KOTESHENI-23-JUNI.pdf
KULANDIRA-KATUNDU-14-OGASITI.pdf
SATIFIKETI-MRA.pdf
```

Loyamba ndi invoisi yeniyeniyo, lachiwiri kotesheni yosayinidwa, lachitatu chikalata chomwe aphunzitsi anasayina polandira katundu, ndipo lomaliza ndi satifiketi ija. Lina likakana kutseguka mundiuze, nditumizanso.

Mukapeza cholakwika pa invoisi, kaya nambala ya katundu, kaya dzina la sukulu silinalembedwe mmene mumafunira m'mabuku anu, mundidziwitse pofika Lachisanu lino pa 22 Ogasiti kuti ndikonze msanga. Chimodzimodzinso madesiki omwe ali kale m'makalasi: ina ikapezeka ndi msomali wotuluka kapena vanishi wosauma bwino, lembani kuti anyamata adzakonzeretu pa ulendo wa madesiki asanu uja. Tinalonjeza kukonza mwaulere chilichonse chochokera ku kapangidwe kathu kwa miyezi 6, ndipo lonjezolo lilipobe.

Ndikudziwa kuti sukulu imadalira fizi, ndipo makolo ambiri amalipira teremu itayamba kale. Ngati mukuoneratu kuti ndalama yonse siikwana pofika pa 17 Sepitembala, musachite manyazi kundiuza, koma mundiuze pofika pa 5 Sepitembala. Tikhoza kugwirizana zoti mulipire magawo awiri, n'kulemba masiku ake, tonse n'kusayina. Chimene chingandivute ndi kungokhala chete tsiku n'kudutsa. Dipoziti ija inathera ku matabwa, zitsulo ndi penti. Mu ndalama yotsalayi ndi mmene muli malipiro a akalipentala anayi ndi owotcherera zitsulo awiri, omwenso ali ndi ana oyenera kuwalipirira fizi mwezi womwewo, komanso VAT yomwe tiyenera kukapereka ku MRA pa nthawi yake kaya mwatilipira kaya ayi. Ndikadziwiratu, nditha kukonzekera.

Zikomo kwambiri potipatsa ntchito imeneyi, komanso chifukwa cha nsima yomwe munawakonzera anyamata tsiku lotula katundu lija. Mundiperekere moni kwa a Hedi. Chonde ndiyankheni ndi mawu ochepa chabe kuti imelo ino ndi mapepala onse anayi zakupezani.

Ine wanu,

Mayi Nachisale
Woyang'anira zachuma, Nachisale Furniture
Mchesi, Lilongwe