Tasainirana mgwirizano wa mbande za tiyi 300,000: zikomo gulu lathu la ku nazale

Abale ndi anzathu pa ntchito, lero tili ndi nkhani yokoma. Kampani yathu yaing'ono yofesa mbande kuno ku Mulanje yasainirana mgwirizano wa zaka zitatu ndi bungwe lina la alimi ang'onoang'ono a tiyi. Tiwakonzera mbande za tiyi zokwana 300,000, ndipo tizipereka m'magawo awiri, 150,000 pa nyengo iliyonse yobzala. Dzina la bungweli alengeza eni ake akakumana ndi mamembala awo pa msonkhano waukulu, choncho ife sitiwatsogolera. Chiyambire kampaniyi sitinalandirepo ntchito yaikulu ngati imeneyi.

Mbande zambiri zipita m'minda ya cha ku Limbuli ndi Muloza, zina m'midzi ya m'mbali mwa Ruo ndi Lichenya. Zochepa zokha ndi za minda yatsopano. Zambiri ndi zopakiza m'minda yakale momwe mitengo inafa, komanso zobwezeretsa m'malo omwe napolo ndi madzi osefukira anakokolola pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Amene mumayenda m'minda ya alimi ang'onoang'ono mukudziwa zomwe ndikunena: munda ndi waukulu ndithu, koma m'mizere muli mipata yambirimbiri, udzu wamera pomwe panayenera kukhala tiyi. Mlimi amapalira munda wonse, amathira feteleza munda wonse, koma akafika pa sikelo masamba amakhala ochepa. Pa hekitala imodzi yodzaza bwino pamafunika mitengo yoposa 10,000. Mlimi amene ali ndi theka la mitengo imeneyi amavutikira pachabe, ndipo mtengo wa masamba ngakhale utakwera, iyeyo sapindula mokwanira.

Pa pepala pali siginecha yanga, koma amene apata ntchitoyi si ine ayi. Akuluakulu a bungweli anabwera ku nazale kwathu osatiuza tsiku. Sanakhalitse mu ofesi. Anapita m'mabedi, nasankha okha machubu apa ndi apo, n'kuwang'amba kuti aone mizu. Tcheyamani wawo, bambo wachikulire amene wathyola tiyi kuyambira unyamata, anasasa dothi m'manja mwake, nayang'ana mizu ija kwa nthawi, kenaka n'kufunsa kuti amene amadula timitengo pano ndani. Tsiku limenelo ndi pomwe nkhani inatha. Zokambirana za mitengo ndi masiku olipira zinabwera pambuyo.

Ndiye ndiloleni ndithokoze eni ake, ndipo ndifotokoze pang'ono zomwe amachita, chifukwa anthu ambiri amamwa tiyi m'mawa uliwonse osadziwa kuti mtengo wake umayambira pa tsamba limodzi.

Ndiyambe ndi amayi odula timitengo. Tiyi wa masiku ano sitifesa njere. Timadula nthambi pa mitengo yosankhidwa yomwe timaisiya dala osaithyola, ndipo pa nthambi iliyonse timatengapo tizidutswa ta tsamba limodzi ndi kamtengo kafupifupi pansi pake. Nsonga yanthete kwambiri imaola, tsinde lokhwima kwambiri limachedwa kumera mizu, ndiye wodula amayenera kudziwa ndi maso komanso ndi chala pomwe pali pakati. Mpeni ukhale wakuthwa, tsamba lisavulale, kamtengo kagwere m'madzi nthawi yomweyo kasanafote. Amayi inu mumakhala pamthunzi kuyambira m'mamawa kuchita zomwezi mobwerezabwereza, nyengo yozizira, chiperoni chikuwaza, manja ali m'madzi. Mizu yomwe bambo aja anaiona inachokera m'manja mwanu. Zikomo kwambiri.

Kenaka anyamata ndi atsikana odzaza machubu. Anthu amaiona ngati ntchito wamba, koma apa ndi pomwe nazale zambiri zimagwera. Tiyi amafuna dothi la asidi. Pansi pa chubu timaika dothi lachonde, pamwamba timaika katondo wopanda manyowa ambiri, chifukwa kamtengo kamamera mizu bwino m'katondo, ndipo mizuyo ikatsika ndi pomwe imapeza chakudya. Ukatsendera kwambiri madzi salowa. Ukasiya motayirira kamtengo kamagwedera n'kuuma. Machubu 150,000 ayenera kudzazidwa limodzi ndi limodzi, ndipo lomaliza lifanane ndi loyamba. Sindinamvepo wina wa inu akunena kuti "zilowa momwemo".

A kapitawo athu, bambo inu ndinu msana wa nazaleyi. Munagwira ntchito pa esiteti zaka zambiri musanabwere kwa ife, ndipo zomwe munaphunzira kumeneko simunatibisire. Ndinu munakana kuti tisakanize mitundu ya tiyi m'bedi limodzi ngakhale malo anali ochepa. Ndinu munayambitsa kope lolembamo bedi lililonse: mtundu wake, tsiku lobzala, amene anabzala, zomwe zafa. Kope limenelo tsopano lathimbirira ndi katondo, koma ndi lomwe linayankha mafunso onse a alendo aja, ine ndili chete pambali.

Pa nkhani ya mitundu ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi yomwe imandikhudza mtima. Tiyi anayamba kulimidwa ngati bizinesi kuno ku Mulanje mu 1891, pomwe Henry Brown anabzala ku Lauderdale. Kwa zaka zambiri unali tiyi wa njere, mtengo uliwonse ndi khalidwe lake. Akatswiri ofufuza za tiyi a ku Mimosa, pompano pathu, ndiwo anagwira ntchito yaikulu yosankha ndi kukweretsa mitundu monga SFS 150 ndi PC 108, yomwe lero yafalikira m'minda yambiri. Koma luso lonselo limathera pa nazale ngati wofesa ali wosasamala. Mlimi wa kumudzi sangazindikire mtundu pa mbande yaing'ono ili m'chubu. Amakhulupirira zomwe wamuuza. Adzadikira zaka pafupifupi zitatu asanayambe kuthyola zooneka, ndipo mtengowo udzakhala m'munda mwake zaka makumimakumi, mwina mpaka zidzukulu zake. Kumugulitsa mbande yosadziwika mtundu ndi kumubera kwa moyo wake wonse. N'chifukwa chake mu mgwirizanowu tapempha tokha kuti mulembedwe zoti bedi lililonse likhale ndi chikwangwani, ndipo alangizi a bungweli akhale ndi ufulu wobwera kudzayendera tsiku lililonse lomwe afuna.

Othirira ndi osamala mithunzi, inunso sindingakudumpheni. Timitengo tikabzalidwa timatiphimba ndi pulasitiki kwa miyezi ingapo kuti chinyontho chisathawe, pamwamba pali denga la udzu lotchinga dzuwa. Kenaka pamabwera nthawi yovuta kuposa zonse, yokhwimitsa. Pulasitiki imatsegulidwa pang'onopang'ono, udzu wa padenga n'kumachepetsedwa sabata ndi sabata, mpaka mbande itazolowera dzuwa lenileni. Zili ngati kuletsa mwana kuyamwa: ukafulumira adwala, ukachedwa salimba. Mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, madzi atachepa mumtsinje, mumabwera m'bandakucha ndi makheni anu ngakhale Lamulungu, osadikira kuti wina akuitaneni.

A mayi a ku ofesi, omwe mumasunga mabuku athu, ndikudziwa zomwe munapirira. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, machubu, pulasitiki ndi feteleza zonse zinakwera nthawi imodzi, pomwe makasitomala athu anali atalipira kale pa mtengo wakale. Munakhala pansi n'kuwerengera tambala iliyonse, ndipo malipiro a antchito sanadumphe mwezi. Mapepala onse omwe bungweli linafuna, a msonkho, a kaundula wa kampani, a ku banki, munawatulutsa m'faelo tsiku lomwelo. Makampani ang'onoang'ono ambiri amaluza ntchito pa zimenezi, osati chifukwa chosadziwa ntchito.

A dalaivala, amene mumadziwa msewu uliwonse wa kuseri kwa minda ndi mlatho uliwonse wokayikitsa, ndipo mumatsitsa nawo mbande ngakhale si ntchito yanu. Alonda athu awiri, omwe mumagona panja ife tili m'nyumba. Mabanja a tonsefe, omwe mwakhala mukudya nsima yamadzulo mochedwa podikira anthu a ku nazale. Nonse landirani ulemu wanu.

Ndithokozenso a mfumu ndi anthu a m'mudzi momwe muli nazale yathu. Freddy atagwetsa mithunzi yathu ndi kukwirira mabedi ena ndi mchenga, anthu omwe nawonso anali ataferedwa ndi kutaya katundu anabwera ndi makasu kudzatithandiza kufukula zomwe zinatsala. Sitidzaiwala.

Tsopano ntchito yake ili motere. Kudzaza machubu tiyamba mvula ikamatha. Timitengo ta gawo loyamba tibzala pakati pa Epulo ndi Juni, ndipo mbandezo zidzapita kwa alimi mu Disembala ndi Januwale chaka chinacho, mvula itakhazikika. Inde, ndi nthawi yaitali, pafupifupi chaka ndi theka mbande ili m'manja mwathu. Alipo omwe amatulutsa msanga kuti ndalama ibwere, koma mbande yosakhwima imafa pa chilimwe choyamba, ndipo amene amalira ndi mlimi amene anakumba mayenje. Ife sitichita zimenezo. Tagwirizananso kuti tikapereka mbande sitisowa. Tiziyenda ndi alangizi a bungweli m'makalabu a alimi kuonetsa kakumbidwe ka dzenje, kang'ambidwe ka chubu kosadula mizu, kuphimbira ndi udzu, ndi kuteteza ku chiswe. Mbande yomwe yafa chifukwa cha vuto lochokera ku nazale tidzabweza popanda mlimi kulipiranso.

Kwa atsogoleri a bungweli, zikomo potikhulupirira. Munali ndi mwayi wopita kwa akuluakulu kuposa ife. Mwasankha kampani ya pakhomo, ndipo ndalamayi izungulira momwe muno, pa Chitakale, pa Limbuli, m'masukulu momwe ana athu amaphunzira.

Chifukwa cha ntchitoyi tilemba anthu ena 25 a nyengo, ndipo tiyambira a m'midzi yotizungulira, makamaka amayi ndi achinyamata. Tikufunanso munthu mmodzi amene anaphunzira za ulimi ndipo saopa matope, woti azithandiza a kapitawo pa zolembera ndi kuyendera alimi. Ngati ndinu, kapena mukudziwa wotero, nditumizireni uthenga. Ogulitsa machubu, pulasitiki ndi udzu wofolera, bwerani tikambirane mwezi uno usanathe.

Gulu lathu lonse, Loweruka likubwerali masana pasapezeke wogwira kheni kupatula awiri omwe ali pa ndandanda, ndipo iwowo tiwasungira mbale zawo. Tikumane pansi pa mtengo wa mango pa nazale, aliyense abwere ndi banja lake. Mbuzi yagulidwa kale, kalongonda akuphika ndi amayi a ku mabedi, nanazi a dalaivala akatenga pamsewu.